Momwe mungadzazire pepala la aneni a Chifalansa a nthawi yatsopano

Mafunso a pa pepala lotere amafanana pafupifupi onse. Pamakhala chiganizo chokhala ndi mpata, ndipo m'mabulaketi muli mneni woti mumuike pampatapo, monga *Nous ______ (finir) le travail.* Ophunzira ambiri amadziwa kuti *finir* ndi kumaliza, koma pampata paja amalemba *finons*, ena amangokopera *finir* momwe alili, ndipo mphunzitsi amathetha. Malikisi amathawira pa zilembo ziwiri kapena zitatu zakumapeto kwa mneni.

M'Chichewa, chimene chimasonyeza wochita ntchito chimakhala kutsogolo kwa mneni: ndi-, u-, a-, ti-, mu-, monga ndikulankhula, ukulankhula, tikulankhula. M'Chifalansa kusinthako kumachitikira kumapeto, ndipo zilembo zambiri zakumapetoko sizitchulidwa polankhula. N'chifukwa chake khutu lokha silingakuthandizeni kudzaza pepalali. Pamafunika ndondomeko yoti muziitsatira pa funso lililonse, ngakhale looneka lophweka. M'malangizo ano, gawo la mneni losasintha tizilitchula tsinde, ndipo gawo lakumapeto losinthasinthalo tizilitchula mchira.

## Zofunika kukhala nazo

- Pensulo ndi chofufutira.
- Bolopeni yofiira yolembera michira, kuti diso lizolowere kuona pamene tsinde lathera.
- Pepala lapadera lolembapo mizere isanu ndi umodzi ya mneni aliyense amene akukuvutani.
- Dikishonale ya Chifalansa, makamaka yokhala ndi matebulo a aneni kumapeto kwake.

Pamwamba pa pepala lapaderalo lembani alowam'malo m'ndondomeko iyi, ndipo musamaisinthe: *je* ndi ine, *tu* ndi iwe, *il* ndi *elle* ndi iye ndipo amakhala pamzere umodzi ndi *on*, *nous* ndi ife, *vous* ndi inu, ndipo *ils* ndi *elles* ndi iwo. *Vous* amagwira ntchito ngati inu wa m'Chichewa, kwa anthu ambiri komanso kwa munthu mmodzi amene mukumupatsa ulemu.

## Sitepe 1: Pezani mwininkhani musanayang'ane mneni

Diso limathamangira m'mabulaketi, koma yambani mwadula mzere pansi pa wochita ntchito. Ngati ndi mlowam'malo ngati *tu* kapena *nous*, palibe chovuta. Vuto limabwera akakhala dzina. Pamenepo lembani ndi pensulo, pamwamba pa dzinalo, mlowam'malo amene angalowe m'malo mwake.

*Marie* ndi *elle*. *Le professeur* ndi *il*. *Les enfants* ndi *ils*. *Marie et Paul* ndi *ils*, chifukwa pagulu pakakhala wamwamuna ngakhale mmodzi, Chifalansa chimasankha *ils*. Pali ziwiri zimene zimagwetsa anthu kwambiri. *Paul et moi* ndi *nous*, popeza inuyo muli m'gululo. *Marie et toi* ndi *vous*. Amene amangoona mayina awiri n'kulemba mchira wa *ils* amalakwa mafunso onse awiriwa.

Chenjezo: *la famille*, *la classe* ndi *tout le monde* amanena za anthu ambiri, koma mneni wake amatenga mchira wa munthu mmodzi. N'chimodzimodzi ndi *on*, amene kawirikawiri amatanthauza ife koma amayenda ndi mchira wa *il*. Komanso ife tinazolowera kulemekeza wamkulu ponena kuti aphunzitsi akubwera. M'Chifalansa mphunzitsi mmodzi amene mukumunena amakhalabe *il* kapena *elle*, ndipo ulemu wa *vous* umabwera pokhapokha mukulankhula naye.

## Sitepe 2: Onani gulu la mneni

Mneni wa m'mabulaketi amathera ndi *-er*, *-ir*, *-re* kapena *-oir*. Musanadule kalikonse, dzifunseni ngati mneniyo ndi mmodzi mwa anayi awa: *être*, *avoir*, *aller*, *faire*. Ngati ndi choncho, dumphani mupite pa sitepe 6. Funsoli liyenera kukhala loyamba chifukwa *aller* amaoneka ngati mneni wamba wa *-er*, ndipo *être* ndi *faire* amaoneka ngati a *-re*, koma onsewa satsatira lamulo. Mukadula *aller* mwalamulo mupeza *j'alle*, mawu amene kulibe.

Aneni othera ndi *-oir*, monga *vouloir*, *pouvoir* ndi *voir*, nawonso alibe lamulo limodzi. Akapezeka papepala, atengeni m'tebulo la dikishonale.

## Sitepe 3: Aneni a -er

Gulu ili ndi limene lili ndi aneni ochuluka kuposa onse, ndipo mafunso ambiri a pa pepala la oyamba kumene amachokera muno. Chotsani *-er*, chotsalacho ndi tsinde. Pa *parler*, kulankhula, tsinde ndi *parl-*. Kenako lumikizani michira *-e, -es, -e, -ons, -ez, -ent*.

```
je parle        nous parlons
tu parles       vous parlez
il parle        ils parlent
```

Werengani tebuloli mokweza. *Parle*, *parles*, *parle* ndi *parlent* amamveka chimodzimodzi, chifukwa *-s* wa *tu* ndi *-ent* wa *ils* satchulidwa. Mwa mizere isanu ndi umodzi, inayi imamveka ngati mawu amodzi. Wophunzira amene amalemba zimene akumva m'mutu mwake amalemba *tu parle* ndi *ils parle*, ndipo akawerenganso saona cholakwa chifukwa zikumveka bwino. Apa m'pamene bolopeni yofiira ija imagwira ntchito: pa masiku oyamba lembani tsinde ndi pensulo, mchira ndi yofiira, kuti mukaona *tu* wopanda *-s* wofiira mudziwe kuti pali chosowa.

*Parlez* nayenso amamveka mofanana ndi *parler*. Pambuyo pa *vous* lembani *-ez*.

Aneni ngati *étudier* ndi *oublier* amadabwitsa ena chifukwa cha *i*. Lamulo ndi lomwelo. Mwachotsa *-er* yekha, ndiye *i* ndi wa tsinde ndipo amatsala: *j'étudie, tu étudies, nous étudions, ils étudient*.

### Pamene tsinde limasintha pang'ono

Aneni ena a *-er* amatenga michira yomweyi koma kalembedwe ka tsinde kamasintha m'mizere ina. Olemba mapepala a mafunso amawakonda, choncho ndi bwino kudziwa chifukwa chake m'malo mongoloweza.

*Manger*, kudya. Chilembo *g* chikatsatana ndi *e* kapena *i* chimamveka chofewa, koma chikatsatana ndi *o* chimalimba ngati *g* wa m'mawu oti gogo. Mukalemba *mangons* mwasintha kamvekedwe ka mneni. Pofuna kusunga kufewa kuja timaikapo *e*: *nous mangeons*. Zimenezi zimachitika pa *nous* pokha, ndipo zimakhudzanso *voyager*, *changer*, *nager* ndi *ranger*.

*Commencer*, kuyamba, ali ndi vuto lofanana. *C* akatsatana ndi *o* amamveka ngati *k*, ndiye timamuika kanchira pansi kuti azimveka ngati *s*: *nous commençons*. Pa *vous commencez* kanchirako sikafunika, popeza chotsatira ndi *e*.

*Acheter*, kugula, ndi *appeler*, kuitana, amasintha mwanjira ina. Pa *nous* ndi *vous* tsinde limakhala monga lilili m'mabulaketi: *nous achetons, vous achetez, nous appelons, vous appelez*. M'mizere inayi ija imene mchira wake sumveka, tsinde limalemera: *j'achète, tu achètes, il achète, ils achètent*, komanso *j'appelle, tu appelles, il appelle, ils appellent*. Mukaiwala ngati *l* ndi mmodzi kapena awiri, kumbukirani chiganizo chimene munaphunzira tsiku loyamba, *je m'appelle*. Chili ndi *l* awiri.

## Sitepe 4: Aneni a -ir

Chotsani *-ir*. Pa *finir* tsinde ndi *fin-*, ndipo michira ndi *-is, -is, -it, -issons, -issez, -issent*.

```
je finis        nous finissons
tu finis        vous finissez
il finit        ils finissent
```

Chizindikiro cha gulu ili ndi *-iss-* amene amaonekera pa *nous*, *vous* ndi *ils*. Yankho la funso lija la koyambirira ndi *Nous finissons le travail*. Aneni ena oyenda motere ndi *choisir*, *réussir*, *grandir*, *remplir* ndi *obéir*. Samalani ndi *choisir*: tsinde lake ndi *chois-*, ndiye pa *nous* pamatuluka *choisissons*. Amaoneka ngati mwachulukitsa *s*, koma ndi momwemo.

Chenjezo: si mneni aliyense wothera ndi *-ir* amene ali m'gulu lino. *Partir*, *sortir* ndi *dormir* alibe *-iss-*, ndipo pa *je*, *tu* ndi *il* amataya chilembo chomaliza cha tsinde: *je pars, tu pars, il part, nous partons, vous partez, ils partent*. *Ouvrir* amatenga michira ya *-er*: *j'ouvre, nous ouvrons*. Palibe chimene chimaoneka pa mneni wa m'mabulaketi chokuuzani kuti uyu ndi wa *finir* kapena wa *partir*. Mukakumana ndi wa *-ir* wachilendo, yang'anani mzere wa *nous* m'dikishonale. Ukakhala ndi *-issons*, mizere ina yonse mwaidziwa kale.

## Sitepe 5: Aneni a -re

Chotsani *-re* n'kuika *-s, -s*, kenako osaika kanthu pa *il*, ndiyeno *-ons, -ez, -ent*. *Vendre*, kugulitsa, amakhala *je vends, tu vends, il vend, nous vendons, vous vendez, ils vendent*. *Attendre*, *répondre*, *entendre*, *descendre* ndi *perdre* amayenda chimodzimodzi.

Mzere wa *il* ndi tsinde lokhalokha, ndiye musaonjezere *t* kapena *e*. *Prendre* amafanana ndi *vendre* pa mizere itatu yoyamba, koma kenako amapatuka: *nous prenons, vous prenez, ils prennent*. *Apprendre* ndi *comprendre* amatsatira *prendre*.

## Sitepe 6: Anayi oyenera kuloweza

Apa palibe chodula. Lembani tebulo ili ndi dzanja lanu, livundikireni, mulembenso kuchokera m'mutu, kenako fananizani.

```
        être     avoir    aller    faire
je      suis     ai       vais     fais
tu      es       as       vas      fais
il      est      a        va       fait
nous    sommes   avons    allons   faisons
vous    êtes     avez     allez    faites
ils     sont     ont      vont     font
```

*Être* ndi kukhala kapena -li, *avoir* ndi kukhala ndi chinthu, *aller* ndi kupita, *faire* ndi kuchita kapena kupanga. Ambiri amaloweza chotsika, mneni mmodzimmodzi. Ine ndimakonda kuti munthu aziwerenganso chopingasa, chifukwa mmenemo ndi mmene mumaoneka zofanana. Mzere womaliza ndi *sont, ont, vont, font*, ndipo m'nthawi yatsopano aneni anayi awa, pamodzi ndi ochokera kwa *faire* monga *refaire*, ndi okhawo amene amathera ndi *-ont* pa *ils*. Ena onse amathera ndi *-ent*. Onaninso *avoir* ndi *aller*: *as, a, ont* mukawaika *v* kutsogolo amasanduka *vas, va, vont*.

Pa mzere wa *vous*, awiri sathera ndi *-ez*: *vous êtes* ndi *vous faites*. *Dire* amachitanso chimodzimodzi, *vous dites*. *Vous faisez* ndi cholakwa chimene chimatuluka kwa wophunzira amene wamvetsa bwino lamulo n'kulipititsa kumene silifika.

Mapepala ena safunsa mchira wokha, amati musankhe pakati pa *être* ndi *avoir*. Pa zaka, njala ndi ludzu, ganizani m'Chichewa. Timati ndili ndi zaka 15, ndili ndi njala, ndili ndi ludzu, ndipo Chifalansa chimanena chimodzimodzi ndi *avoir*: *j'ai quinze ans, j'ai faim, j'ai soif*. Amene amadzera m'Chingelezi ndi amene amalemba *je suis quinze ans*. *Avoir* amagwiranso ntchito pa kumva kuzizira ndi kutentha: *j'ai froid, j'ai chaud*.

## Sitepe 7: Yang'anani je, kenako werengani chiganizo chonse

Mneni akayamba ndi lembo la liwu kapena *h* wosatchulidwa, *je* amasanduka *j'*: *j'aime, j'écoute, j'habite, j'ai*. Mapepala ambiri amalemba *Je/J'* kuti musankhe nokha. Chimene mukuyang'ana ndi chilembo choyamba cha yankho lanu, osati cha mneni wa m'mabulaketi. *Être* ndi *aller* amayamba ndi malembo a liwu, komabe timalemba *je suis* ndi *je vais* chifukwa mayankhowo akuyamba ndi *s* ndi *v*. *Tu* polemba safupikitsidwa: *tu aimes, tu as*.

## Tidzaze limodzi pepala limodzi

```
1. Je/J' ____ (habiter) à Zomba.
2. Ma sœur et moi ____ (manger) du riz.
3. Les élèves ____ (choisir) un livre.
4. La famille ____ (attendre) le bus.
5. Vous ____ (faire) les devoirs.
6. Paul et Marie ____ (avoir) deux enfants.
7. Tu ____ (aller) au marché.
```

Pa funso loyamba, *habiter* sali pa anayi aja ndipo ndi wa *-er*. Tsinde ndi *habit-*, mchira wa *je* ndi *-e*. Yankho likuyamba ndi *h* wosatchulidwa, ndiye *J'habite à Zomba*.

Funso lachiwiri lili ndi misampha iwiri. Mwininkhani ndi *ma sœur et moi*. Muli *moi*, choncho ndi *nous*, osati *elles* kapena *ils*. Mukalemba *nous* pamwamba pake, mchira ndi *-ons*. Tsinde *mang-* likuthera ndi *g*, ndipo *g* wakumana ndi *o*, ndiye pakufunika *e* pakati: *mangeons*. Amene analumpha sitepe yoyamba alemba *mangent*. Amene anachita bwino yoyamba n'kuiwala za *g* alemba *mangons*. Mayankho awiri olakwikawa akusonyeza matenda osiyana, ndipo pokonza ndi bwino kudziwa kuti anu ndi ati. Woyambayo sakufunika kulowezanso michira, akufunika kuzolowera kudula mzere pansi pa mwininkhani.

Lachitatu: *les élèves* ndi *ils*, *choisir* ndi wa gulu la *finir*, tsinde *chois-* kuphatikiza *-issent* zikupereka *choisissent*. Lachinayi: *la famille* ndi *elle*, ndipo mneni wa *-re* pa mzere umenewu alibe mchira, ndiye *attend*. Ngati munalemba *attendent*, munawerenga anthu a m'banjamo m'malo moona kuti dzinalo likuyamba ndi *la*. Mawu aang'ono a kutsogolo kwa dzina ndi amene amaulula: *le, la, un, une, mon, ma* ndi a chinthu chimodzi, pamene *les, des, mes* ndi a zambiri.

Atatu omalizawo ndi a m'tebulo: *faites*, *ont*, *vas*. Pa lachisanu ndi chimodzi, tanthauzo ndi loti Paul ndi Marie ali ndi ana awiri. Mukalemba *sont* mwanena kuti iwowo ndi ana awiri.

## Zolakwa zofala

Kusokoneza *ils ont* ndi *ils sont*. Cholakwachi chimachokera m'khutu. Pa *ils ont*, *s* wa *ils* amalumikizana ndi mneni n'kumveka ngati *z*, pamene pa *ils sont* pamamveka *s* weniweni. Mphunzitsi akamawerenga mokweza, mverani *z* kapena *s*. Polemba nokha, dzifunseni m'Chichewa: ali, kapena ali ndi? Pakakhala "ali ndi", lembani *ont*.

Kuika *suis* patsogolo pa mneni wina. *Je suis parle* ndi *je suis mange* kulibe. *Je parle* yekha amakwanira pa ndimalankhula komanso pa ndikulankhula, ndipo mawu ena a m'chiganizo, monga *maintenant* kapena *chaque jour*, ndi amene amasiyanitsa.

Kusiya *-s* wa *tu*. Pa aneni onse a m'malangizo ano, kupatula *pouvoir* ndi *vouloir*, *tu* amathera ndi *-s*. Pa pepala la oyamba kumene, otuluka m'lamuloli amene mungakumane nawo ndi *tu peux* ndi *tu veux*. Mukamaliza pepala, dutsaninso pa *tu* aliyense musanayang'ane china.

Kulemba *à* m'malo mwa *a*, kapena *et* m'malo mwa *est*. *Il a* wa *avoir* alibe kachizindikiro pamwamba. *À* wokhala nako amatanthauza ku kapena pa. *Et* ndi mlumikizi wa mayina ngati wa *Paul et Marie*, pamene *est* ndi mneni. Poyesa, sinthani mwininkhani akhale *nous*. Ngati mawuwo asanduka *avons* kapena *sommes*, ndi mneni, ndiye lembani *a* kapena *est*.

Kusintha aneni awiri otsatana. Pa *J'aime parler français* kapena *Nous allons manger*, woyamba yekha ndi amene amatenga mchira, wachiwiri amakhala monga alili m'dikishonale. *J'aime parle* n'kulakwa.

Kutaya tizizindikiro ta pamwamba. *Vous êtes* ali ndi kadenga pa *e* woyamba, *j'achète* ali ndi kamzere kotsikira kumanja, *j'écoute* kokwera kumanja. Mphunzitsi wokhwimitsa amathetha yankho lonse chifukwa cha kachizindikiro kamodzi, choncho kalembeni nthawi yomweyo mukulemba chilembocho, chifukwa mukati mubwerera pomaliza mumakaiwala.